Funso la adimini lo: osayamba ndi Wednesbury, yambani ndi amene wasayina kalata

Pepala lomwe linabwera ku Chiputula

Mwana wa mlongo wanga akuphunzira zamalamulo, ndiye holide ya mu Juni anabwera kudzakhala kwathu ku Chiputula, nthawi ija Mzuzu amazizira moti chifunga chimafika mpaka pakhonde. Tsiku lina madzulo titadya anapita kuchipinda nkubwera ndi pepala la tesiti ya adimini lo, phunziro la malamulo oyang'anira zochita za akuluakulu aboma, lomwe alekichara anawabwezera, masamba anayi odzaza mbali zonse, koma malikisi osafika ndi theka lomwe.

"Ankolo, tawerengani inuyo, paja munadutsamo mu zimenezi. Milandu yonse ndinalemba, Wednesbury ndinamulemba, mfundo zitatu za Lord Diplock ndinazilemba, ndiye akufunanso chani anthuwa?"

Ndinawerenga mpaka kumapeto, ndipo kunena zoona munalibe bodza ngakhale limodzi, mwanayu manotsi amawadziwa. Chomwe chinandigwira mtima nchoti mayi yemwe funso limati amulangize anatchulidwa pa mzere woyamba, nkudzatchulidwanso pa mzere womaliza, pakati ponsepa kunali kulakatula milandu ya ku Mangalande, monga wa Wednesbury uja, ndi mawu a woweruza Lord Diplock basi. Ndinatembenuza pepala lake chafufumimba patebulo, nkumufunsa kuti, iwe, amene wawachotsa mayiwa pamsika ndani?

"Khonsolo."

Ndinamuuza awerengenso funsolo pang'onopang'ono. Anawerenga, nkuti, "Aa, ndi mkulu wa msika, ndi amene wasayina kalata." Ndiye ndinamufunsanso kuti nanga lamulo lomwe akupatsa pamwambapo lati woyenera kulanda layisensi ndani? Anakhala duu, chala chili pa ndime ija, kenako anayankha motsitsa mawu kuti ndi komiti. Malikisi ochuluka a funso lonse anali pamenepo, pa mizere iwiri yomwe anaidumpha pothamangira kukalemba zomwe analoweza.

Nkhope yake usiku umenewo siimandichoka, chifukwa si mwana waulesi ayi, anangosowa womuonetsa kuti funso la mtundu uwu limagwiridwa pati. Ndiye ndati ndilembe zomwe tinachita naye holide ija, mwina wina zimuthandiza.

Funso lake linali lotere

Ndalisintha pang'ono, koma mafupa ake ndi omwewo, ndipo lamulo lake ndi lopeka ngati mmene amachitira m'mayeso. Kuli Lamulo la Misika. Sekishoni 4 ikuti komiti ya misika ya khonsolo itha kulanda layisensi ya wogulitsa ngati sanalipire ndalama ya malo miyezi itatu yotsatizana, kapena ngati akugulitsa chakudya choika moyo wa anthu pachiswe. Sekishoni 6 ikuti wolandidwa layisensi atha kukadandaula kwa nduna pasanathe masiku 21.

Mayi wina wakhala akugulitsa usipa pa benchi yomweyo zaka 8, layisensi amaikonzanso chaka ndi chaka, ngongole alibe. Mu Januwale tcheyamani wa komiti analembera ogulitsa nsomba onse kuti pali maganizo osintha kakhalidwe ka mumsika koma palibe yemwe achotsedwe msonkhano usanachitike. Msonkhanowo sunachitike. Pa 3 Febuluwale mayiyo analandira kalata yosayinidwa ndi mkulu wa msika yoti layisensi yake yalandidwa kuyambira tsiku lomwelo "pofuna kuti msika uzioneka bwino". Sabata yotsatira benchi ija inapatsidwa kwa mlamu wake wa mkulu wa msikayo. Mayi wabwera kwa inu pa 20 Epulo. Mulangizeni.

Mukawerenga, mtima umauka, mumafuna kungolemba kuti izi nzankhanza, mayi wosauka akumupondereza. Nzoona akumupondereza, koma wochonga sapereka malikisi pa chisoni, ndipo khoti nalo pa judishiyo rivyu, pomwe limaunika zomwe akuluakulu aboma agamula, silifunsa ngati chiganizocho chili chabwino kapena choipa. Limafunsa ngati wochipangayo anali ndi mphamvu, ngati anatsata njira, komanso ngati zifukwa zake zikuchirikiza zomwe anachita.

Mphindi khumi zoyamba musalembe yankho

Tinene kuti funso lililonse muli nalo mphindi 45. Khumi zoyambazo ndi za pepala la rafu. Yambani ndi mzere womaliza wa funso, kuti mudziwe mukulangiza ndani, chifukwa pena amakupatsa nkhani yomvetsa chisoni chonchi koma nkuti langizani khonsolo, ndiye ukayamba kumenyera mayi nkhondo wasochera kale.

Kenako werengani ziganizo, ndikutanthauza zomwe akuluakulu achita. Anthu ambiri apa amaona chimodzi, chonsecho zilipo ziwiri: kulanda layisensi pa 3 Febuluwale, ndi kupereka benchi kwa mlamu sabata yotsatira. Chilichonse chili ndi tsiku lake, wochipanga wake ndi mavuto ake. Mukaziphatikiza mudzavutika kumapeto pa nkhani ya zomwe khoti lingalamule.

Chachitatu, tengani pensulo nkudutsa mzere ndi mzere, mukudzifunsa kuti wolemba funsoyu anaikiranji mawu awa. Wolemba funso saika tsiku mwangozi, saika mlamu mwangozi, "zaka 8" sizinabwere kudzangokongoletsa nkhani. Pambali pa mzere uliwonse lembani mawu amodzi kapena awiri: pa "yosayinidwa ndi mkulu wa msika" lembani mphamvu, pa "kuyambira tsiku lomwelo" lembani sanamvedwe, pa kalata ya tcheyamani lembani lonjezo, pa mlamu lembani kukondera, pa 20 Epulo lembani nthawi. Mukamaliza pulani ya yankho yatha kale, ndipo ngati pali mzere womwe watsala wopanda kanthu pambali, ubwerereni, nthawi zambiri mpamene pabisala malikisi omwe anzanu awasiya.

Kodi khoti limulola nkomwe kulowa?

Gawo ili likhale lalifupi, theka la tsamba lakwana, koma lisasowe. Mafunso ake ndi anayi ndipo awiri mwa iwo mu funso lathuli ndi ongodutsa.

Kodi wopanga chiganizo akugwira ntchito ya boma? Inde, ndi khonsolo, mphamvu yake ikuchokera mu lamulo la Nyumba ya Malamulo. Mzere umodzi wakwana, musataye nthawi kufotokoza milandu ya mabungwe omwe sakudziwika ngati ali aboma kapena ayi, funso silinafunse zimenezo. Zikanakhala kuti benchiyo amachita lendi kwa mwini shopu wamba, imeneyo ikanakhala nkhani ya kontirakiti, osati ya kuno. Kodi mayiyu nkhaniyi ikumukhudza mokwanira? Layisensi ndi yake, chakudya cha ana ake chikuchokera pamenepo, basi, pitirirani.

Awiri otsalawa ndi amene akufuna thukuta. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku Khoti Lalikulu a 2017, Oda 19 lamulo 20, amati pempho la judishiyo rivyu lipite mwachangu ndipo pasadutse miyezi itatu chipangireni chiganizocho, komanso uyenera kuyamba wapempha chilolezo cha khoti. Osangolemba lamulolo nkusiya, werengerani masiku pa pepala pomwepo wochonga aone. Kuchokera pa 3 Febuluwale miyezi itatu ikutha pa 3 Meyi, mayi wabwera pa 20 Epulo, ndiye kwatsala masiku 13. Ali mkati mwa nthawi, komabe mawu oti mwachangu aja ali ndi ntchito yake, khonsolo itha kunena kuti anakhalitsa dala mpaka munthu wina wakhazikika kale pa benchi, ndiye langizo ndi loti mapepala apite sabata yomweyi. Khoti lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi, tchulani, koma musamuuze mayi kuti adalire zimenezo.

Funso lachinayi ndi la sekishoni 6. Makhoti kawirikawiri safuna kulandira munthu yemwe anali ndi njira ina yodandaulira koma sanaigwiritse ntchito. Masiku 21 anatha pa 24 Febuluwale, mayi sanapite kwa nduna. Apa ndi pomwe khonsolo ikamenyere kwambiri ndipo yankho labwino limavomereza zimenezo poyera. Kenako limayankha: sekishoni 6 ndi ya munthu yemwe walandidwa layisensi motsata sekishoni 4, pomwe dandaulo la mayiyu ndi loti wolandayo analibe mphamvu nkomwe, ndipo funso loti munthu anali ndi mphamvu kapena ayi ndi la khoti. Komanso funso silikuonetsa kuti kalata ija inamuuza za ufulu wopanga apilo. Malizani ndi maganizo anu, kuti mwayi woti khoti limulola ndi waukulu ngakhale si wotsimikizika.

Lamulo lomwe akupatsani ndiye poyambira

Apa ndi pomwe ine ndimalimbikira kwambiri, ndipo ndi pomwe mphwanga uja anataya malikisi. Musanatchule mlandu uliwonse, ifunseni sekishoni 4 mafunso atatu: yapereka mphamvu kwa ndani, pa zifukwa ziti, ndipo yati zichitike motani?

Kwa ndani? Kwa komiti. Walanda ndani? Mkulu wa msika. Mfundo yake ndi yoti amene lamulo lamupatsa mphamvu yoganiza ndi kugamula aigwiritse ntchito yekha, asapatsire wina pokhapokha lamulolo likulola, molunjika kapena mwa tanthauzo lake. Mlandu wothandiza apa ndi Barnard v National Dock Labour Board wa 1953, pomwe bodi yomwe inali ndi mphamvu yoimitsa anthu pantchito inasiyira mphamvuyo manijala wa padoko, khoti nkunena kuti kuimitsako kunalibe mphamvu. Ena amathamangira kutchula mlandu wa Carltona kuti wantchito atha kuchita m'malo mwa bwana wake, koma mfundo imeneyo inabadwira pa nduna ndi ogwira ntchito mu unduna wake, ndiye kuikokera kwa mkulu wa msika nkovuta, makamaka pa chinthu cholemera ngati kulanda munthu bizinesi.

Koma chenjerani, funso langoti kalata inasayinidwa ndi mkulu wa msika, silinanene kuti komiti sinakumane. Nkutheka komiti inagamula, iyeyu nkungotumidwa kulemba kalata. Apa musapeke, lembani mbali zonse ziwiri: ngati komiti inakumana nkugamula, mfundo iyi yagwa ndipo tidalira zinazo, ngati sinakumane, chiganizo chonse chilibe mwendo woimira, ndiye chinthu choyamba kuitanitsa ndi maminitsi a komiti. Wochonga akaona mawu oti maminitsi amadziwa kuti uyu akuganiza ngati loya yemwe ali ndi kasitomala kutsogolo kwake.

Pa zifukwa ziti? Lamulo lapereka ziwiri zokha, ngongole ya miyezi itatu ndi chakudya choopsa. Kalata ikuti msika uzioneka bwino. Chimenecho mu sekishoni 4 mulibe, ndiye ngakhale komiti yeniyeniyo ikanasayina ikanakhala kuti yadumpha malire a mphamvu zake, zomwe m'kalasi timati alutira vayiresi. Khonsolo itha kuyesa kunena kuti maonekedwe a msika ndi nkhani ya ukhondo, ndipo ukhondo ndi umoyo wa anthu. Yankhani kuti lamulo likukamba za chakudya chomwe munthuyo akugulitsa, ndipo palibe paliponse pomwe panenedwa kuti usipa wa mayiyu unali woola kapena wothiridwa mankhwala. Pa mlamu mutha kuonjezera Padfield wa 1968, kuti mphamvu igwiritsidwe ntchito pokwaniritsa cholinga cha lamulo lomwe laipereka, osati kupezera achibale malo.

Funso lachitatu lija, loti zichitike motani, sekishoni 4 ili chete. Kukhala chete kumeneko ndi komwe kukutitengera ku gawo lotsatira.

Sekishoni 43 ibwere patsogolo pa milandu ya kunja

Mabuku ambiri omwe timawerenga ndi a ku Mangalande, ndiye ophunzira amazolowera kuyamba ndi mlandu wa GCHQ ndi mitu itatu ya Lord Diplock, kuphwanya lamulo, kusaganiza bwino ndi kulakwitsa njira. Mituyo ndi yothandiza posanja yankho, ine sinditsutsa. Koma ife kuno tili ndi Konsitichushoni ya 1994, ndipo sekishoni 43 imapatsa munthu aliyense ufulu woti zochita za akuluakulu aboma zikhale zotsata lamulo, zotsata njira yachilungamo, komanso zoti zifukwa zomwe zaperekedwa zizitha kuziikira kumbuyo, pamene ufulu wake, zomwe amayembekezera moyenerera kapena zofuna zake zakhudzidwa kapena zaopsezedwa. Sekishoni 108 ndi yomwe imapatsa Khoti Lalikulu mphamvu younika zochita za boma ngati zikugwirizana ndi Konsitichushoni. Ndiye dongosolo lake likhale lotere: lamulo la mu funso, kenako sekishoni 43, kenako milandu ya kwathu kuno yomwe alekichara anu anakupatsani, milandu ya kunja izibwera kudzathandizira kumasulira. Yankho lomwe latchula milandu khumi ya kunja koma osatchula sekishoni 43 limaoneka ngati lalembedwera dziko lina.

Pa kumvedwa, mayiyu sanauzidwe kuti akumuganizira chani, sanapatsidwe mpata woyankha, kalata inayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo. Khonsolo inena kuti Lamulo la Misika silinalamule kuti munthu amvedwe. Apa Cooper v Wandsworth Board of Works wa 1863 akukwanira bwino kwambiri: bodi inagwetsa nyumba ya munthu chifukwa sanapereke notisi yomwe lamulo limafuna asanayambe kumanga, lamulolo silimanena zomumva kaye, koma khoti linati amayenera kumvedwa ndithu. Ridge v Baldwin, wa mkulu wa apolisi ku Brighton yemwe anachotsedwa ntchito osamvedwa, anadzalimbitsa mfundo yomweyo. Kenako nenani kuti kumvedwa kokwanira pa nkhani ngati iyi kukanakhala kotani. Sikuti mpaka maloya ndi mboni ayi, koma auzidwe cholakwa chake, apatsidwe masiku oti akonzekere, ayankhe pakamwa kapena pa kalata komiti isanagamule. Ndipo popeza uku ndi kulanda layisensi yomwe munthu ali nayo kale, osati kukana munthu wopempha koyamba, chilungamo chofunika ndi chokulirapo.

Pa zifukwa ndi pomwe ambiri amagwa chifukwa chokopera buku. Buku la ku Mangalande likuuzani kuti malamulo a makhoti akumeneko alibe udindo wa nthawi zonse wopereka zifukwa. Kuno sekishoni 43 ikunena mosabisa kuti munthu apatsidwe zifukwa, ndipo zikhale zolembedwa. Ndiye funso lenileni mu nkhani yathu ndi loti, kodi mawu oti "pofuna kuti msika uzioneka bwino" ndi chifukwa? Alembedwa inde, koma sakumuuza mayi kuti iyeyo walakwa chani, sakufotokoza chifukwa chomwe achotsera iyeyo osati mnzake wa benchi yoyandikana nayo, ndipo munthu sangawagwiritse ntchito kukonza apilo. Ine ndingalembe kuti sakukwana, ndipo ndingalumikize mfundoyi ndi sekishoni 6 ija, kuti munthu akadandaula bwanji kwa nduna pa chinthu chomwe sanauzidwe.

Lonjezo la tcheyamani ndi nkhani ya mlamu

Mu funsoli muli zinthu ziwiri zomwe zingabereke chiyembekezo choyenerera, chija timati lejitimeti ekisipekiteshoni, ndipo mphamvu zake nzosiyana. Zaka 8 zokonzanso layisensi sizikutanthauza kuti benchi ndi yake mpaka muyaya, zimangolimbitsa kuti asachotsedwe mwadzidzidzi osamvedwa. Kalata ya mu Januwale ndiyo yamphamvu, chifukwa ndi lonjezo lomveka, lopanda "koma", lopita kwa gulu lodziwika lomwe mayiyu ali momwemo, ndipo likulonjeza njira, kuti kukhala msonkhano kaye. Zikufanana ndi mlandu wa Ng Yuen Shiu wa ku Hong Kong wa 1983, pomwe boma linalonjeza kuti aliyense afunsidwa ndi kuganiziridwa payekha asanathamangitsidwe m'dziko, khoti nkuti lonjezolo lisungidwe. Mbali inayo muipatsenso mpata: kodi tcheyamani amayankhula m'malo mwa komiti kapena zinali zake? Kodi panabuka china chachangu, monga kolera, choti nkusintha zinthu msonkhano usanachitike? Funso silikuonetsa chilichonse chotero, ndiye lonjezo likuima.

Pa mlamu, dzigwireni. Mphwanga uja titabwerezanso funsoli analemba kuti mkulu wa msika ndi wakatangale, ndinamuuza afufute. Funso silinanene kuti panadutsa ndalama, ndipo simukufunika kutsimikiza zomwe zinali mumtima mwa munthu. Muyeso wake, monga unanenedwera mu Porter v Magill, ndi woti munthu woganiza mwachilungamo yemwe akudziwa zonse zomwe zachitika angaone kuti pali kuthekera kwenikweni koti panali kukondera. Ndiye ikani zinthu zake pamzere: amene wasayina kalata yochotsa ndi yemweyo, wopindula ndi mlamu wake, pakati pangodutsa sabata imodzi, chifukwa chomwe chaperekedwa mu lamulo mulibe. Mfundoyi ikukhudza ziganizo zonse ziwiri zija, nenani choncho.

Wednesbury abwere kumapeto ndipo atenge mizere yochepa. Muyeso wake ndi wokwera kwambiri, chiganizo chikhale choti palibe bungwe loganiza bwino lomwe likanachipanga, ndipo musaiwale kuti mu mlandu weniweniwo eni sinema, omwe amadandaula ndi lamulo loletsa ana osafika zaka 15 kulowa Lamulungu, anagonja. Mu funso lathu muli kale mfundo zolimba zinayi kapena zisanu, ndiye nkwabwino kugwiritsa mawu a sekishoni 43 omwe, kuti chiganizo chiikiridwe kumbuyo ndi zifukwa zomwe zaperekedwa: ngati vuto linali maonekedwe a msika, kuchotsa mayi mmodzi nkuika munthu wina pa benchi yomweyo kwasintha maonekedwe ati?

Ndime imodzi imamangidwa chonchi

Mwina munamvapo za ayiraki, kuti ndime iliyonse ikhale ndi vuto, lamulo, kugwiritsa lamulolo pa nkhani, ndi pomwe mwafika. Aliyense amaidziwa, koma gawo lachitatulo ndi lomwe limasowa pa mapepala ambiri. Mayeso mulemba m'Chingerezi, koma kamangidwe kake nkomweka, ndiye taonani kusiyana kwake.

Ndime ya mphwanga inali yotere: "Munthu ayenera kumvedwa asanaweruzidwe. Izi zinanenedwa mu Ridge v Baldwin. Choncho khonsolo inaphwanya chilungamo." Palibe cholakwika, koma ndime imeneyi mutha kuidula nkuimata pa funso lina lililonse, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro choti malikisi mulibe.

Yomwe tinalemba limodzi inali iyi: "Vuto ndi loti kaya mayi amayenera kumvedwa layisensi isanalandidwe. Sekishoni 43 imafuna njira yachilungamo pamene zofuna za munthu zakhudzidwa, ndipo Cooper akuonetsa kuti udindowu ulipo ngakhale lamulo lili chete. Apa sekishoni 4 ili chete, koma chomwe chalandidwa ndi bizinesi ya zaka 8, ndipo kalata ya pa 3 Febuluwale inayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo, kusonyeza kuti mpata woyankha panalibe. Khonsolo itha kunena kuti nkhani inali yachangu, koma chifukwa chomwe inalemba yokha ndi maonekedwe a msika, chomwe sichikanaonongeka podikira sabata ziwiri. Ndiye khoti likuyembekezeka kupeza kuti njira inalakwika."

Njira yodziyesera ndi yosavuta. Mukamaliza ndime, yang'anani ngati muli tsiku, munthu kapena mawu ochokera mu funso. Ngati mulibe, mwalemba manotsi. Ndipo milandu musamaifotokoze yonse kuyambira pachiyambi, dzina ndi mfundo yake zakwana, nkhani ya mlanduwo muitchule pokhapokha ikufanana kapena kusiyana ndi ya mu funso mwa njira yothandiza. Chaka mukaiwala chisiyeni, kusiyana nkulemba cholakwika.

Mayi akufuna kudziwa ngati abwerera pa benchi

Sungani mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri za gawo ili, chifukwa mawu oti mulangizeni akuthera pano, ndipo mapepala ambiri amafika apa nthawi itatha.

Chachikulu chomwe mayi apemphe ndi oda yofafaniza chiganizo cha pa 3 Febuluwale, yomwe mabuku akale amaitchula kuti setiorari. Chikafafanizidwa ndiye kuti pamaso pa lamulo layisensi yake sinalandidwe. Athanso kupempha khoti linene poyera kuti mkulu wa msika alibe mphamvu pansi pa sekishoni 4, komanso oda yokakamiza khonsolo kuchita zomwe lamulo likufuna, mwachitsanzo kupereka zifukwa zolembedwa. Pamodzi ndi pempho la chilolezo apemphenso kuti chiganizocho chiyambe chaimitsidwa mlandu uli mkati, ngakhale apa pali vuto loti papita kale miyezi iwiri ndi theka ndipo pa benchi pali munthu.

Nchifukwa chake tinasiyanitsa ziganizo ziwiri poyamba paja. Kufafaniza kulanda kwa layisensi pakokha sikumuchotsa mlamu uja, chiganizo chomupatsa benchi chiyeneranso kutsutsidwa pachokha, ndipo iyeyo ayenera kudziwitsidwa za mlanduwo kuti naye amvedwe, poti zimukhudza.

Muwauzenso mayi zomwe sangakonde kumva. Khoti silikhala m'malo mwa komiti. Likafafaniza, komiti itha kukumana bwinobwino, kumumva, nkugamulanso, kungoti pamenepo iyenera kupeza chimodzi mwa zifukwa ziwiri za mu sekishoni 4, ndipo malinga ndi zomwe tauzidwa ngongole alibe, usipa wake palibe wadandaula nawo. Maodawa khoti limapereka likaona kuti nkoyenera, ndiye kuchedwa kuja ndi apilo yomwe sanapange zitha kudzamutsatanso pano. Ndalama zomwe wataya pa miyezi yomwe sanagulitse atha kuzipempha, koma sizimangobwera zokha chifukwa choti chiganizo chafafanizidwa, ayenera kuonetsa maziko ake ndi umboni wa zomwe amapeza patsiku. Ngati alibe ndalama ya loya mutha kutchula ofesi ya Ombudsman pansi pa sekishoni 123 ya Konsitichushoni, nkuchenjeza kuti ofesiyi imalowerera pamene sipakuoneka njira ina yotheka kudzera kukhoti, komanso asaganize kuti kudandaula kumeneko kuimitsa masiku 13 aja.

Ndipo zikachitika kuti woyang'anira mayeso wanena kuti kwatsala mphindi zisanu inu mukadali pa mlamu, siyani ndimeyo ndi mzere umodzi wonena pomwe mwafika, dumphani Wednesbury yense, lembani maoda omwe mayi apemphe pa chiganizo chilichonse mwa ziwirizo, ndi tsiku la 3 Meyi.